Madzi akamabwera usiku okhaokha: thanki ya pamwamba, ya pansi ndi pampu, kapena zonse ziwiri?

Kuno kwathu mpope umayamba kutsokomola cha m'ma 11 koloko usiku, kaye mpweya wokhawokha uja fwee fwee, kenako timadzi tofiira pang'ono, kenako madzi enieni, ndipo ikamati 4 koloko m'mawa basi aphwa. Tinakhala zaka tikudzuka pakati pa usiku kutungira m'zidebe ndi m'zigubu, mpaka tinatopa n'kuganiza zogula thanki. Ndiye poti anthu ambiri amandifunsa kuti ndigule ya malita angati, pampu ya mahosipawa angati, ndati ndilembe zomwe ndinaphunzira, zina mwa izo ndinaphunzira ndalama zitapita kale.

Musanapite ku shopu ya hadiweya, dzukani usiku umodzi. Zoona, usiku umodzi wokha, kapena uwiri kuti mutsimikize. Tengani ndowa ya malita 20 ndi foni yowerengera nthawi, mupite pa mpope wa panja womwe uli pafupi ndi mita, mutsegule mpaka kumapeto muone kuti ndowa idzadza mphindi zingati. Muchite zimenezi madzi akangofika, muchitenso cha m'ma 2 koloko, komanso akatsala pang'ono kuthawa. Kwa ine cha m'ma 1 koloko ndowa inadzadza pa mphindi ziwiri ndi theka, kutanthauza malita 8 pa mphindi. Madzi amakhalapo maola 5 koma ola loyamba ndi lomaliza ndi ongodontha, ndiye ndinawerengera maola 3 okha, mphindi 180, kuchulukitsa ndi 8, malita 1,440. Amenewo ndiye malipiro anga a usiku umodzi. Kaya ndigule thanki yaikulu ngati nyumba, yopitirira pamenepo silowa.

Kenako ndinachita chinthu chomwe pulamba wanga woyamba sanachite. Ndinalumikiza hozipaipi pa mpope womwewo, mwana wa achimwene n'kukwera nayo pa makwerero mpaka pafupi mamita 6, pomwe pakanakhala pakamwa pa thanki ikanakhala pa sitandi, ine ndili pansi ndi tochi, aneba mwina ankaganiza kuti tayamba zaufiti. Pamwamba pamenepo ndowa yomweyo inatenga mphindi 7. Ndiye kuti malita osakwana 3 pa mphindi, usiku wonse malita ngati 500 basi. Madzi omwewo, paipi yomweyo, koma kungowakweza mamita 6 atsika kuchoka pa 1,440 kufika pa 500. Chifukwa chake n'chakuti puresha ndi kutalika n'chinthu chimodzi: 1 bar imakankha madzi kukwera pafupifupi mamita 10, ndiye ngati laini yanu usiku ili ndi puresha yosakwana 1 bar, mamita 6 amadya gawo lalikulu ndipo yotsala yokankhira madzi m'thanki ndi yochepa. Anthu a kumtunda amadziwa bwino zimenezi. Mzinda ngati Blantyre madzi ake ambiri amachokera ku Walker's Ferry mu Shire ndipo amachita kupopedwa kukwera mtunda wautali, ndiye amene ali pamwamba pa chitunda amalandira pomaliza, a kumunsi akagona n'kutseka mipope yawo. N'chifukwa chake madzi amabwera usiku, si kuti usiku amapopa ambiri ayi, koma kuti ogwiritsa ntchito achepa ndiye puresha yakwera.

Tsopano mbali inayo, mumamwa angati pa tsiku. Njira yachidule ndi bilu. Yuniti imodzi pa mita ya madzi ndi malita 1,000, ndiye ngati mwezi umene madzi ankabwerako bwino munagwiritsa ntchito mayunitsi 18, gawani 18,000 ndi masiku 30 mupeza malita 600 pa tsiku. Koma chenjerani, bilu ya nthawi yotungira m'zidebe imanama, chifukwa munthu wosamba m'beseni amatha malita 15 kapena 20 pomwe yemweyo akaima pa shawa yothamanga bwino mphindi 5 watha 40 kapena kuposa. Thanki ikabwera anthu amamasuka. Ife tilipo 6 pakhomo ndiye ndinawerenga chonchi: toileti yathu ndi yakale ija ya malita 9, aliyense akagujumula kanayi ndi malita 216, kusamba ndinaika 30 aliyense ndi 180, kukhitchini kuphika ndi kutsuka mbale 80, kuchapa ndikagawa za Loweruka pa sabata yonse ndi ngati 60, kukolopa ndi zina 30. Zonse 566, ndinangoti 600. Onani kuti wakudya madzi kwambiri m'nyumba ndi toileti, osati munthu.

Kukula kwa thanki ndiye kumachokera pa funso ili: madzi akajomba, amajomba mausiku angati otsatizana? Kwa ife kawirikawiri ndi usiku umodzi, nthawi yotentha ya Okutobala ndi Novembala amatha kujomba awiri. Akajomba mausiku awiri ndiye kuti thanki iyenera kutisunga masiku atatu, 600 kuchulukitsa ndi 3 ndi 1,800. Koma thanki yolembedwa 2,000 sikupatsani 2,000. Pamwamba fuloti, vavu ya kampira koyandama ngati ya m'toileti ija, imatseka madzi asanafike pakamwa, pansi potulukira pali pamwamba pang'ono ndiye pamatsala madzi omwe satuluka, ndipo ndi bwino atsale chifukwa ndi momwe mumakhala matope. Chotsani gawo limodzi mwa magawo 10, ya 2,000 ikupatsani ngati 1,800, ndendende popanda chotsala, mlendo akabwera mwagwa nayo. Ndiye ine ndinaona kuti ya 2,500 ndiye saizi yanga.

Ambiri amati bola kugula ya 5,000 kamodzi n'kamodzi. Sindikana, ngati ndalama ilipo komanso laini yanu ndi yamphamvu. Koma tawerengani ndi manambala anga aja: usiku kulowa 1,440, masana kutuluka 600, zotsala 840 pa tsiku. Ya 2,500 ikaphweratu imadzadzanso usiku wachitatu. Ya 5,000 imafuna mausiku 6 otsatizana madzi osajomba, zomwe nthawi yotentha sizichitika, ndiye miyezi yomwe mukuifuna kwambiri imangokhala theka. Nthawi ya mvula ikadzadza, madzi amakhalamo sabata yonse asanasinthike, klorini uja amatha mphamvu pakapita masiku, thanki ili padzuwa madzi akufunda. Kwa banja la anthu 10 kapena pa ploti pomwe pali alendi, 5,000 ndi yoyenera. Ndipo pamenepo ine ndikanasankha ziwiri za 2,500 zolumikizana pansi, iliyonse ndi vavu yake, chifukwa mutha kutsuka imodzi ina ikugwira ntchito, komanso mutha kugula imodzi chaka chino ina chaka chamawa. Kuipa kwake zimadya malo ndipo mtengo wa ziwiri umaposa wa imodzi yaikulu.

Tibwere pa njira zoikira. Yoyamba, yomwe aliyense amaifuna, ndi thanki pa sitandi popanda pampu. Madzi a mu laini akwera okha usiku, masana atsika okha, magetsi azime asazime inu mulibe nazo ntchito, palibe chowonongeka kupatula fuloti. Ngati mayeso a pa makwerero aja akupatsani madzi opitirira omwe mumagwiritsa ntchito pa tsiku ndi malire abwino, tinene kuwirikiza kawiri, musavutike ndi zina, njira ndi imeneyi. Ine ndinayamba nayo osayeza, pulamba wina anangoti bwana apa tiike sitandi ya mamita 4 ndi theka mudzasamba ngati ku hotela, ndinamvera. Thanki inkalandira 500 ife tikutha 600, ndiye tsiku lililonse ikamati 5 koloko madzulo mpope wa kukhitchini wayamba kulira mpweya, thanki ya ndalama zambiri ili pamwamba ngati chokongoletsa. Mayi a kunyumba ankangoti nanga si munati mavuto atha.

Vuto la njira imeneyi ndi lakuti zinthu ziwiri zimakokana. Mukatsitsa sitandi thanki imadzadza msanga koma shawa imafooka, mukaikweza shawa imasangalatsa koma thanki sidzadza. Puresha ya pa shawa imawerengedwa kuchokera pomwe madzi alekezera m'thanki kufika pa mutu wa shawa, osati kufika pansi. Sitandi ya mamita 3, shawa ili pa mamita 2, thanki ikatsala pang'ono kutha mwatsala ndi mita imodzi yokha, 0.1 bar, timadzi tongoyenderera pakhoma. Mashawa amagetsi otenthetsa pompopompo aja ena sayaka n'komwe puresha ikachepa chonchi. Ndipo sitandi si yoseweretsa, lita imodzi ndi kilogalamu imodzi, thanki ya 2,500 yodzadza ndi matani awiri ndi theka ali m'mwamba pafupi ndi pomwe ana amasewera. Wowotcherera wa pa msika akakuuzani kuti timapaipi topyapyala tikwana, mufunseni ngati angaimike galimoto pamwamba pake. Miyendo ikhale m'konkire, zopingasa zikhalepo, ndipo pomwe thanki ikhale pakhale pothyathyathya paliponse, osati pa zitsulo zitatu zotalikirana, pulasitiki imafutukira m'mipata n'kudzang'ambika.

Njira yachiwiri ndi thanki pansi, pa silabu ya simenti, kenako pampu yokankhira madzi m'nyumba mwachindunji, ija imayaka yokha mukatsegula mpope n'kuzima mukatseka. Ubwino wake thanki ya pansi imamwa madzi onse omwe laini ingapereke, 1,440 yonse ija, sitandi palibe, ndipo shawa imamenya bwino kuposa njira ina iliyonse. Kuipa kwake mukukudziwa kale, magetsi akazima madzi m'nyumba mulibe ngakhale thanki ili yodzadza. Ndiye ngati mwasankha imeneyi, silabu ikwezeni ngati theka la mita ndipo muike kampope pansi pa thanki kuti ndowa izilowa, tsiku la mdima muzitunga pamanja.

Pampu ya njira imeneyi ndi yomwe anthu amalakwitsa kugula. Pa chitsulo cha pampu pamalembedwa manambala awiri, Hmax, yomwe ndi malire a mamita omwe ingakweze madzi, ndi Qmax, yomwe ndi malire a malita omwe ingatulutse pa mphindi. Tipampu totchipa ta 0.5 HP, tomwe ndi 370 W, nthawi zambiri timalemba Hmax ya mamita 30 ndi kanthu ndi Qmax ya malita 30 ndi kanthu pa mphindi, tinene 35 ndi 35. Wogulitsa amakuwerengerani ngati mupeza zonse ziwiri nthawi imodzi, pomwe zoona zake n'zakuti pa mamita 35 pampuyo situlutsa ngakhale dontho, ndipo malita 35 imatulutsa pokhapokha ikungothira pansi osakweza. Zenizeni zili pakati. Kuti shawa imveke bwino mukufuna ngati 1.5 bar kapena 2 bar pa mutu pake, amenewo ndi mamita 15 mpaka 20, onjezani mamita 2 a kutalika kwa shawa, onjezaninso ngati 5 otayika m'mapaipi ndi m'makona, mwafika pa 25. Pa mamita 25 kapampu kaja kamapereka malita ngati 10 pa mphindi, shawa imodzi basi, wina akatsegula kukhitchini wosambayo ayamba kukuwa. Nyumba ya mabafa awiri imafuna malita ngati 20 pa mphindi pa mamita 25 omwewo, ndiye mukuyang'ana 0.75 HP kapena 1 HP, koma musagule potengera hosipawa, pemphani pepala kapena katoni yomwe ili ndi tebulo la H ndi Q muone nambala yomwe ili pansi pa mamita anuwo. Yaikulu kwambiri nayonso ndi mavuto, imaphulitsa majoini akale, ndipo ngati muli ndi giza onani kaye puresha yolembedwa pa vavu yake, pampu isapitirire pamenepo.

China chomwe sakuuzani n'chakuti pampu yotereyi imaulula kudontha kulikonse. Toileti ikamadontha pang'onopang'ono m'kati, puresha imatsika, pampu iyaka masekondi angapo, izima, pakapita mphindi zingapo iyakanso, usiku wonse. Mukamva ikuchita zimenezo palibe amene watsegula mpope, musathamangire kunena kuti pampu yafa, tsekani kavavu ka toileti imodziimodzi muone pomwe isiyire. Kuyakayaka kumeneku ndi komwe kumapsereza kapasita ndi mota. Kathanki kakang'ono ka puresha, kaja kali ndi mpweya m'kati, kamachepetsa vutoli chifukwa kusamba m'manja kokha sikuyatsa pampu.

Njira yachitatu ndi yomwe ndinathera ine, thanki yaikulu pansi, yaing'ono pamwamba, pampu pakati. Ya 2,500 ija tinaitsitsa n'kuikhazika pa silabu, pa sitandi tinaikapo ya 1,000, yomwe ndi tsiku limodzi ndi theka la banja lathu. Ya pansi imalandira usiku, pampu imakweza nthawi iliyonse magetsi alipo, m'nyumba madzi amatsika okha. Magetsi atazima tsiku lonse sitidziwa n'komwe. Ndipo zonse pamodzi ndi malita 3,500, masiku 5 osadandaula. Ndi yodula poyamba, zoona, mathanki awiri, sitandi, pampu, koma apa kapampu kotchipa ka 0.5 HP kaja ndi kokwanira bwinobwino chifukwa ntchito yake ndi yopepuka. Kukwera kuchoka pansi kufika pakamwa pa thanki ya pamwamba ndi mamita 6, paipi ya 3/4 inchi yotalika mamita 20 ndi makona ake imadya ngati mamita 3, zonse 9 kapena 10. Pa mamita 10 kamapereka malita ngati 25 pa mphindi, ndiye 600 ya tsiku lonse ndi mphindi 24, thanki yonse ya 1,000 ndi mphindi 40. Magetsi ake sakwana ngakhale theka la yuniti pa tsiku, ayironi imadya kuposa pamenepo. Kuika 1 HP apa n'kungotaya ndalama. Shawa yokha ndiye imakhala ya pakatikati, siifika pa ya njira yachiwiri ija, koma titasintha paipi yotsika kuchoka pa 1/2 kupita pa 1 inchi n'kugula mutu wa shawa wa mabowo akuluakulu, palibe akudandaula.

Pa njira imeneyi musaumire ndalama ya maswichi a fuloti awiri. Ya pamwamba imazimitsa pampu thanki ikadzadza, apo ayi mudzaiwala ndipo mudzadzidzimuka ndi mvula ya pa sitandi. Ya pansi imaletsa pampu kuyaka madzi akatha, ndipo imeneyi ndiye yofunika kwambiri, pampu ikazungulira youma silo yake yoletsa madzi kudontha imapsa m'mphindi zochepa, mudzaona yayamba kudontha pakati pa mota ndi mutu. Kapampu ka mtundu umenewu kakakhala masabata osayaka kamagwiranso dzimbiri m'kati, mukayatsa kamangong'ung'udza osazungulira, zimitsani msanga, muzungulitse fani ya kumbuyo ndi sikuludiraiva, kamamasuka.

Pali njira yachinayi yomwe ena amachita mwakachetechete, kulumikiza pampu pa laini ya tauni penipeni kuti izikoka madzi kukweza m'thanki. Ine sindingakulangizeni. Pampu singapange madzi omwe mulibe m'paipi, imangolanda a aneba a kumtunda kwanu, ndipo mawa naonso akagula yawo mwabwerera pomwe munali. Choopsa kwambiri n'chakuti ikamakoka, m'paipi mumakhala ngati mukuyamwa, ndiye paliponse pomwe paipi inang'ambika pansi pa nthaka, pafupi ndi ngalande kapena chimbudzi chokumba, madzi oipa amalowa m'malo moti abwino atuluke, n'kubwera m'thanki yanu ndi m'mipope ya anzanu. M'dziko lomwe kolera timaidziwa bwino si zoseweretsa. Komanso madzi akathawa 4 koloko inu muli mtulo, pampu imatsala ikukoka mpweya mpaka kupsa.

Ndipo kwa amene ali pa lendi kapena ndalama sinakwane, thanki ya 500 kapena 1,000 pa timiyala ta simenti pafupi ndi mpope, ya fuloti yake ndi kampope pansi, popanda pampu popanda sitandi, imathetsa kale vuto lalikulu lomwe ndi kudzuka usiku. Mumatungabe ndi ndowa koma masana, mutagona tulo tanu, ndipo posamuka mumainyamula. Mukadzapeza ndalama, thanki yomweyo ndi imene idzakwere pa sitandi.

Kanthu kamodzi kakang'ono komwe kanatsala pang'ono kundipusitsa ngakhale thanki ili pansi: fuloti. Titamaliza zonse ndinkayembekeza 1,440 usiku woyamba, m'mawa ndikugogoda thanki ndi chala kuti ndimve pomwe madzi alekezera, ndinapeza angodutsa pang'ono pa kota. Pulamba wachiwiri, mdala wina wofatsa, anangomasula fuloti n'kundionetsa kabowo kake, kakang'ono ngati ka ya m'toileti, n'kuti bwana iyi ndi ya puresha yambiri, pa madzi ofooka ngati anuwa ikuchita kuwatsamwitsa, komanso taonani mchenga wadzadzamo. Anaika ya 3/4 ya bowo lalikulu, paipi yochokera pa mita anaisinthanso kukhala 3/4 n'kuchotsa makona awiri osafunika, anaikanso kasefa kotsukika fuloti isanafike chifukwa madzi oyamba aja amabwera ndi zinyalala. Pomwe laini ya tauni imakumana ndi paipi ya m'nyumba anaikapo vavu yosabweza madzi, anati popanda imeneyi masana laini ikauma thanki ya pamwamba imatsanulira madzi anu kubwerera ku msewu, madzi oti mwalipira kale, ndipo chizindikiro chake ndi thanki yomwe imatha msanga m'nyumba mulibe munthu. Usiku wotsatira ndinadzukabe 2 koloko mwa chizolowezi, ndinapita kukaika khutu pa thanki n'kumva madzi akugwa mwamphamvu m'kati, ndinabwerera kukagona. Kasefa kaja ndimatsuka Loweruka lililonse, nthawi ya mvula kamadzadza matope sabata isanathe.